Nduna Inatamanda Arvo

Verna Kivela anabadwa ndi pakamwa. Ku Kettle Narrows kuno palibe amene angatsutse, ngakhale mwini wakeyo. Bambo ake, a Doucette, ankayendetsa lole ya zipika, ndipo ankati mwana wawoyu anayamba nkhani asanamere mano, mpaka lero sanaimalize. Sukulu anaisiyira panjira n'kulowa m'khitchini ya sukulu yomweyo, kumene anagawira ana mbatata zokazinga, kenako n'kudzagawiranso ana a ana aja. Anakwatiwa ndi Arvo Kivela, mwana wa Afinishi a kumtunda kwa msewu, munthu woti ukamupatsa moni ankayamba waganiza kaye ngati kuyankha n'kofunika. Ankakondana, zimenezo ndiye musakayike. Verna ankalankhula, Arvo ankapala nsomba.

Arvo ankagwira ntchito pa fakitale ya mapepala, ku maboyila, monga bambo ake. Eni fakitale atalengeza kuti akutseka ndipo makina akawagulitsa kunja, amuna a bungwe la apantchito anatchinga chipata ndi magalimoto awo kuti pasatuluke ngakhale bawuti. Munali m'Januwale, kuzizira kong'amba mitengo. Maboyila akazima nyengo yotero mapaipi amaphulika, fakitale n'kusanduka bwinja loti palibe angaligule, choncho bungwe lomwelo linasankha amuna atatu oti azilowa kukasunga moto. Mmodzi anali Arvo.

Chipata chitatchingidwa pafupifupi mwezi, kunabwera nduna ya za nkhalango m'chigawo chathu, a Garnet Whitlock. Analankhula m'holo ya pabwalo la masewera, anthu atadzaza mpaka pakhomo. Chapakati pa sipichi yawo anavula magalasi, n'kuyang'ana m'gulumo ngati akufuna m'bale wawo.

"Tonse tikudziwa kuti mphepo ya msika yasintha," anatero. "Ntchito zatayika. Koma ife anthu a kumpoto sitikalipira chisanu, timavala jekete. Muno muli bambo wina, Arvo Kivela. Zaka makumi atatu wakhala akunyamula chitini cha chakudya chimene ankanyamula bambo ake. Pamene ena ochepa akukuwa pachipata, Arvo ali mkati, akusamala moto. Sanadandaulepo. Anthu ngati Arvo ndiwo adzamange mawa la tauni ino."

Kamera inatembenukira kwa Arvo, atazyolika ngati wagwidwa akuba nkhuku, pambali pake Verna akulira, chipewa chofiira kumutu. Limenelo ndilo linali tsiku lalikulu pa moyo wa Verna, kuposa la ukwati. Kanemayo anamusunga, ndipo Khirisimasi iliyonse anthu akakhuta ankamuika pa wailesi yakanema. Arvo ankadzuka n'kukawaza nkhuni zimene zinali zowaza kale.

Zimene zinatsatira, Verna anazipatsa dzina limodzi: nsanje. Loweruka lililonse anzake a Arvo ankabwera kudzasamba nthunzi m'kanyumba ka sauna kuseri kwa nyumba, n'kumamwa mowa pakhonde. Sipichi itachitika analeka. Arvo sanaleke kukoleza moto, n'kumakhalamo yekha mpaka miyala kuzizira. Fakitale inatsekedwa ndithu, makina anapita. Patatha zaka zisanu ndi ziwiri mtima wake unaima ali m'galaja, ndipo pamaliro chakudya chinatsala chambiri moti Verna anadya masangweji a nyama yankhumba sabata yonse.

Ndiye chaka chathachi bungwe lija, kapena tinene nkhalamba zimene zatsalako, linaganiza zoimika mwala m'mbali mwa mtsinje, pamene panali chipata, wolembapo mayina a onse amene anaima nawo pa nkhondo ija. Mayina anawapachika m'holo ya bungwe. Munali zidakwa, munali Denis amene anagona m'galimoto mwezi wonsewo, munali ngakhale awiri aja amene ankasunga moto limodzi ndi Arvo. Arvo munalibe. Komiti inati idzakumana komaliza mu Epulo, wosema miyala asanayambe ntchito. Verna analumbira pa manda kuti dzina la mwamuna wake lidzalembedwa pamenepo.

Mwana wake wamkazi ndiye anamulembetsa ku nthambi ya yunivesite ya mumzinda, ulendo wa ola limodzi, poti opitirira zaka makumi asanu ndi limodzi salipira, komanso poti anatopa kuimbiridwa foni katatu patsiku. Verna anayang'ana maphunziro amene analipo, n'kuona lina la kusanthula zolankhula za andale. Anati ndikalemba pepala la ku yunivesite, lochongedwa ndi dokotala wa maphunziro, losonyeza mmene nduna inalemekezera Arvo, ndidzaone amene adzatsegule pakamwa mu komitimo. Analembetsa ndi dzina la Doucette, limene linali pa mapepala ake akale a sukulu. Zoti ndi mkazi wa Arvo anafuna adzaziulule pomaliza, ana onse aja adzachite kukamwa yasa.

Mphunzitsi anali Corwin Ashby, mnyamata wa kum'mwera, wolembedwa ntchito teremu ndi teremu, wobwera panjinga ngakhale msewu utaundana. Sanali munthu woipa mtima. Anali chabe mmodzi wa anthu aja amene amasangalala akaona chinthu chikuphwasulidwa, kaya ndi wotchi kaya ndi munthu.

"Pano sitifunsa ngati sipichi ndi yokoma," anatero tsiku loyamba. "Timafunsa kuti ikugwira ntchito yanji, ikugwirira ndani, ndipo akuvulala ndani. Gawo loyamba, lembani mawu onse mzere ndi mzere, muike manambala. Pamene wapuma, pamene aomba m'manja, lembani. Kenako mundiuze: akulankhula ndani, kuti, kwa yani, kunachitika chiyani dzulo lake, kunachitika chiyani mawa lake. Osaweruza kaye."

"Ine yanga ndimaidziwa pamtima," anatero Verna.

"Pamtima ndi pamene pamakhala mabodza, mayi. Lembani za m'kanema."

Analemba za m'kanema, akuimitsa ndi kubweza, magalasi ali pamphuno. Apa ndi pamene anakhumudwa koyamba. Zaka zonsezi ankauza anthu kuti nduna inalonjeza kutsegulanso fakitale. Anafunafuna mawuwo mpaka khofi kuzizira. Munalibe. Munali akuti, "Tidzayang'ana njira zonse zimene zingatheke." Anabweza kanemayo kanayi, ngati kuti mawu angabisale kuseri kwa tayi.

Kalasi imeneyi inali ndi mwambo wake. Sabata iliyonse sipichi ya wophunzira mmodzi ankaionetsa pakhoma, zilembo zikuluzikulu, anthu onse n'kuiunjirira. Tsiku la Verna litafika anavala bulauzi ya kutchalitchi, n'kubweretsanso buledi wotsekemera wa Chifinishi woti ana aja adye.

"Gawo lachiwiri, mawu enieniwo," anatero Corwin, cholembera chofiira chili m'manja, buledi ali kukamwa. "Mzere wa makumi anayi. 'Tonse tikudziwa.' Akutani pamenepa?"

Anayankha Teagan, mtsikana wa ndolo pamphuno amene ankakhala kutsogolo n'kumayankha funso lisanathe.

"Akutseka zokambirana zisanayambe. Ukatsutsa ndiye kuti ndiwe wekha chitsiru chosadziwa."

"Eya. Nanga mphepo, chisanu, jekete?"

"Akufuna kutseka fakitale kuoneke ngati nyengo. Nyengo sungaisumire kukhoti."

"Mayi Doucette, sipichi ndi yanu iyi. 'Ntchito zatayika.' Wazitaya ndani?"

"Kampani," anatero Verna.

"Tisonyezeni dzina la kampani m'sipichi yonseyi."

Verna anayendetsa chala pa mapepala ake, tsamba ndi tsamba. Kalasi inadikira. Dzina la kampani munalibe ngakhale kamodzi.

"Muziyang'ana amene atchulidwa, koma makamaka amene sanatchulidwe," anatero Corwin. "Tsopano anthu. Ali pachipata awatcha chiyani?"

"'Ena ochepa,'" anatero Teagan. "Opanda mayina, opanda nkhope, ntchito yawo kukuwa. Analipo angati, agogo?"

"Oposa mazana atatu."

Ana aja anaseka. Verna naye anamwetulira pang'ono, akudikira. Ankadziwa kuti mzere wotsatira ndi wa Arvo, ndipo apo sakapezapo pogwira.

"Ndiye tafika kwa bwana Arvo," anatero Corwin, akutikita manja. "Mmodzi yekha wopatsidwa dzina. Tandiwerengerani zimene akuchita."

"Akunyamula chitini. Akusamala moto. Sakudandaula," anawerenga Teagan.

"Akunena chiyani?"

"Palibe."

"Liwu limodzi lochokera pakamwa pake?"

"Palibe. Chidole basi," anatero Teagan. "Amukweza m'mwamba kuti amenyere nacho anzake. Wantchito wabwino ndi wotseka pakamwa, woipa ndi wa pachipata."

"Galu wa pakhomo," anatero mnyamata wina kumbuyo. "Amusisita pamutu, iye n'kumagwedeza mchira."

"Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi," wina anawonjeza.

"Taikani kanemayo tione nkhope yake."

Corwin anaika kanemayo. Arvo anaoneka pakhoma, wamkulu kuposa chitseko, atazyolika. Teagan analoza.

"Iye ndiye akudziwa kuti amuphika. Koma taonani amayi a chipewa chofiirawo! Akulira ngati awina galimoto."

Kalasi yonse inafa nacho chiseko. Palibe anamuzindikira Verna, poti nthawi imeneyo anali wonenepa, tsitsi lakuda. Anamva manyazi otentha mpaka m'makutu, komanso ukali woti akanatha kum'menya Teagan ndi mbale ya buledi. Anangoti, "Munthuyo analowa chifukwa bungwe linamutuma."

"Zoona?" Corwin anatembenuka, maso ali gwa. "Muli ndi umboni?"

"Zinalembedwa m'nyuzi."

"Ndipo nduna sinanene. Mwaona, anthu inu? Chimene chasiyidwa ndicho chagwira ntchito yaikulu. Munthu wotumidwa ndi anzake amusandutsa munthu wothawa anzake, popanda kunama liwu limodzi. Mwachita bwino, mayi. Buledi uyunso ndi wabwino."

Pobwerera anaimika galimoto pambali pa msewu n'kutukwana Teagan, amake a Teagan ndi ndolo yake yomwe. Komabe mawu aja anamukakamira. Anadzilimbitsa mtima kuti palibe chaipa: ngati nduna inagwiritsa ntchito Arvo, ndiye kuti Arvo ndi wolakwiridwa, ndipo komiti iyenera kumva zimenezo. Pepala lidzangosintha njira, mwala ndi womwewo.

Gawo lachitatu linali la ulendo wa mawu: anawapanga ndani, anayenda bwanji, anawalandira bwanji anthu osiyanasiyana. Corwin anawaletsa kufunsa anthu mafunso, poti zimenezo zimafuna chilolezo cha yunivesite, choncho Verna anakakhala mu laibulale ya tauni akuwerenga nyuzi zakale. Anaziika m'ndondomeko monga anauzidwa. Madzulo a tsiku la sipichi, wailesi yakanema inaonetsa kachigawo ka Arvo kokha. Mawa lake kampani, imene nduna sinaitchule n'komwe, inagula tsamba lathunthu m'nyuzi n'kusindikiza mawu a nduna ndi chithunzi cha Arvo. Sabata yomweyo kampani inapita kukhoti kukapempha chiletso, ikunena kuti otchinga chipata ndi kagulu chabe, antchito enieni ali mkati. Khoti linavomera. Amuna ena anayamba kuchotsa magalimoto awo apolisi asanabwere n'komwe. M'makalata a owerenga wina analemba kuti Kettle Narrows yapeza Yudasi wake, ndipo amanyamula chitini.

Nyuzi ya tsamba la kampani ija Verna anali nayo kunyumba. Anadulamo chithunzi chokha, zina zonse anakolezera moto.

Lachiwiri lotsatira Corwin anafotokoza za kapangidwe ka sipichi.

"Musaganize kuti nduna imakhala pansi n'kulemba. Pali achinyamata olembedwa ntchito imeneyo. Ndipo kachigawo ka munthu wamba aka kali ndi njira yake. Masiku angapo ulendo usanachitike, wina mu ofesi amafunafuna munthu woyenera nkhani imene akufuna kunena. Akamupeza amafuna tinthu ting'onoting'ono, togwira mtima. Chitini cha bambo ake. Zoterezi sizipezeka m'mafailo. Wina anawauza."

"Arvo yemweyo," anatero Teagan. "Anadzigulitsa."

"Mwina. Koma amuna otero salankhula. Kawirikawiri amaimbira abusa, kapena mkazi. Mkazi ndiye mgodi. Umangomuuza kuti tikufuna kulemekeza amuna anu, basi, iwe n'kumangolemba."

Verna anamva ngati pansi pa mpando patseguka. Sikuti anali ataiwala. Ankakumbukira bwinobwino, kungoti sanaziikepo pamzere umodzi ndi zinazo. Linali tsiku la pakati pa sabata, akusenda mbatata, Arvo ali ku maboyila. Foni inalira. Kamtsikana ka mawu okoma ngati uchi, kochokera ku ofesi ya nduna. Tamva kuti amuna anu ndi munthu wapadera, mayi. Anacheza ola lathunthu. Ananena za chitini, za apongozi ake, za zala ziwiri zimene Arvo anapsa osapita n'kuchipatala komwe. Ananena kuti mwamuna wanga sanadandaulepo. Ndipo kamtsikanako katafunsa za amuna a pachipata, Verna, pofuna kukaseketsa, anati aja ndiye angokhalira kukuwa ndi kuwotha moto wa m'mgolo, mwamuna wanga akugwira ntchito. Kanaseka kwambiri kamtsikanako. Kanamupempha kuti asauze Arvo, chidzakhale chodabwitsa.

Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Wa Verna unamupeza patatha zaka zonsezi, m'kalasi ya ana oti akanakhala zidzukulu zake.

Gawo lachinayi analilemba ngati munthu wodwala malungo. Linali losavuta tsopano, poti funso lake ndi lakuti sipichi ikuthandiza dongosolo liti la mphamvu, ndipo ikufuna anthu aziona chiyani ngati chachibadwa. Analemba kuti inaphunzitsa tauni kuti kutseka fakitale kuli ngati dzinja, kuti kulimbana ndi phokoso, kuti ulemu wa wantchito ndi kupirira. Analemba kuti opindula anali kampani ndi boma, limene silinafune kuoneka likutumiza apolisi kwa anthu mazana atatu, koma kwa ochepa okuwa. Chotsala chinali gawo lomaliza, limene Corwin ankalikumbutsa sabata iliyonse: wosanthula anene pamene waima, poti palibe amene amayang'ana mawu ali kumwamba ngati mbalame.

Anadikira ana onse atuluke.

"A Corwin, amayi a chipewa chofiira aja ndine."

Corwin anasiya kumanga chikwama. Nkhope inafiira, koma pang'ono chabe.

"Aa, pepani. Tinaseka kwambiri tsiku lija." Kenako anadzutsa mutu. "Dikirani. Ndiye kuti mukudziwa amene anapereka nkhani ya chitini?"

"Ndine."

"Inuyo? Pafoni? Mukukumbukira mafunso amene anakufunsani?" Maso ake anawala ngati mwana woona keke. "Mayi, anthu amalemba mabuku athunthu akungoganizira za gawo limeneli, inu munali pomwepo! Mulembe zonse. Mafunso, ndondomeko yake, pamene anaseka. Ichi ndi chuma."

"Mwamuna wanga anamwalira wopanda mnzake."

"Eya, eya, n'zowawa. Mulembenso zimenezo, m'gawo la kalandiridwe."

Pepalalo anamupatsa malikisi apamwamba kuposa a Teagan. M'mphepete analembamo kuti ndime yachitatu ndi yaitali, aidule.

Verna sanagone bwino masabata amenewo, koma anapeza pogwira. Anaona kuti chimene chinatsekereza Arvo pamwala ndi chimodzi: amuna aja ankakhulupirira kuti iye ndiye anapita kwa nduna kukadzitamanda n'kunyoza anzake. Ndipo Arvo sanadziyeretse chifukwa sankadziwa amene analankhula, kapena ankadziwa koma analibe mawu. Tsono iye Verna akaimirira pamaso pa komiti n'kunena kuti ndine, nkhani yatha. Adzamuda, inde. Amayi a kukhitchini ya holo, amene anali atangoyamba kumene kumuitananso kokazinga zitumbuwa za Lamlungu, adzamufulatira. Anaziyeza zonsezo n'kuvomera. Kunena zoona, penapake mumtima ankadzionanso ngati ngwazi, ndipo anayeserera mawu ake pagalasi kangapo.

Komiti inakumana Loweruka masana, chipale chofewa cha m'dzinja chikusungunuka, matope ali ponseponse. Amuna asanu ndi awiri anakhala kuseri kwa tebulo lalitali. Pakati panali Rolly Gauthier, amene anatsogolera anthu pachipata, mnzake wa Arvo kuyambira ali ana, tsopano wopuma ndi timapaipi m'mphuno, botolo la mpweya lili pambali pa mpando. Amayi anasuzumira pa zenera la khitchini.

"Mphindi zisanu, Verna," anatero Rolly. "Zako zija za maola atatu ayi."

Anayamba ndi gawo loyamba, monga anaphunzirira. Anawauza za mphepo ndi jekete, za kampani yosatchulidwa, za ochepa amene anali mazana atatu.

"Tinaliko, Verna," anatero Denis. "Sitinafunike yunivesite kuti timve kuti atitukwana."

"Musiyeni amalize," anatero Rolly. "Wavutikira."

Anadumpha masamba. Anaika pepala pansi.

"Arvo sanalankhule ndi nduna. Sanalankhule ndi munthu aliyense. Anaimba foni kunyumba, ndinayankha ndine. Za chitini ndinanena ndine. Zoti inu mumangokuwa pachipata ndinanena ndine. Iye sankadziwa kanthu mpaka atamva dzina lake m'holo muja. Ngati pali woti mum'chotse pamwala ndine, koma ine sindinalipo kale. Mulembeni mwamuna wanga."

Anadikira phokoso. Anadikira kuti wina amenye tebulo, wina atukwane. Kunangomveka botolo la Rolly likupuma. Denis ankachotsa matope ku nsapato ndi kiyi wa galimoto.

"Wamaliza?" anafunsa Rolly.

"Simunamve? Ndati ndine."

"Tamva. Tinkadziwa, Verna."

"Munkadziwa chiyani?"

"Kuti ndiwe. Tsiku lomwelo, tisanatuluke n'komwe m'holo. Arvo akanatha kufotokozera munthu wachilendo za chitini? Munthu amene anandiuza patatha mwezi kuti mwana wake wabadwa? Tauni yonse inkadziwa. Funsa amayi akusuzumirawo."

Verna anatembenukira ku zenera la khitchini. Mitu inabwerera mkati umodziumodzi.

"Ndiye munamudera chiyani?"

Rolly anakonza kapaipi m'mphuno. Ankalankhula pang'onopang'ono, akupumira pakati.

"Khoti lisanakhale, ndinapita kwa iye ndi loya wathu. Tinati Arvo, chinthu chimodzi chokha. Ukaime pachipata pamaso pa makamera, unene kuti bungwe ndilo linakutuma mkati, kuti uli nafe, kuti nduna inatenga macheza a mkazi wako pafoni n'kuwasandutsa chikwapu. Loya anati zimenezo zikhoza kugwetsa nkhani yonse ya kampani. Mwina zikanatheka, mwina ayi. Anakana."

"Chifukwa chiyani?"

"Ndinapitanso ndekha. Ndinamupeza m'sauna. Ndinamugwadira, ine Rolly, ndili maliseche ngati khanda. Ndinati anthu mazana atatu, Arvo. Ukudziwa anandiyankha chiyani? Anati, 'Verna wakondwa. Sindinamuonepo atakondwa chonchi. Ndikanena, tauni imuseka mpaka kufa.' Basi. Anathira madzi pamiyala."

Verna anagwira m'mphepete mwa tebulo. Chisoni chimene anamva sichinali chija cha pamaliro, chimene anthu amakugwira pamapewa. Ichi chinali chopanda pothawira, poti aliyense m'chipindamo anali atachidziwa kalekale, n'kumamuonerera akuyenda nacho m'misewu, akuimitsa anthu m'sitolo kuwauza mmene nduna inatamandira mwamuna wake.

"Anasankha iwe, ife n'kutisiya," anatero Rolly. "Sindikuti analakwa monga mwamuna. Mwina ine ndikanakhala ndi mtima wotero, mkazi wanga sakanathawa. Koma mwala uwu ndi wa anthu amene anaima pachipata pamene tinawafuna. Iye tinamufuna tsiku limodzi lokha."

"Rolly, chonde. Anali mnzako."

"Anali mnzanga. N'chifukwa chake ndinapita kawiri." Anayang'ana anzake. "Ofuna kuti dzina la Arvo Kivela liwonjezedwe, kwezani manja."

Denis anayang'ana kudenga. Wina anatsokomola. Verna anayang'ana nkhope iliyonse, ena mwa iwo amuna oti anawagawirapo mbatata ali ana asukulu, ndipo anayang'anitsitsa Rolly, amene dzanja lake silinachoke pa bondo. Verna atazindikira, dzanja lokwezedwa m'holo monsemo linali lake, ndipo iye sanali wa komiti.

"Tsitsa, Verna," anatero Rolly. "Nkhani yotsatira. Wosema akufunsa ngati zilembo zikhale zoyera kapena zagolide."